Diresi Loning'a ndi Diresi Lotaya

Teremu yapitayi anzathu a kalabu ya zisudzo anakonza sewero la magawo awiri, lonena za banja lina la mumzinda wa London. Gawo loyamba linali la chaka cha 1955, ndipo lachiwiri linali la 1975. Mtsikana mmodzi yemweyo anayenera kukhala mayi m'gawo loyamba, ndi kukhalanso mwana wa mayiyo m'gawo lachiwiri. Tsono aphunzitsi athu a zosokasoka anaitana ife atatu a Fomu 3, natiuza kuti, "Atsikana inu, anthu oonera ayenera kudziwa kuti zaka 20 zapita asanamve liwu ndi limodzi lomwe. Ntchito imeneyo ichitidwe ndi zovala." Anatipatsa mabuku awiri a zithunzi, tepi, choko ndi makiyi a chipinda cha makina. Ndalama za nsalu zinali za kalabu, ndipo zinali zongokwanira kugula kamodzi. Ndifuna kuti ndikuuzeni zimene ndinaphunzira pa ntchito imeneyi, pamodzi ndi pamene ndinalakwa, pakuti ndinalakwa ndithu.

Poyamba ndinene kumene kavalidwe koyambako kanachokera. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nsalu inali yosowa ku Ulaya. Ku Britain, kuyambira 1941 mpaka 1949, munthu sanali kugula zovala monga afunira, koma monga mwa makuponi amene boma linamupatsa, ndipo panali malamulo oletsa osoka kuchulukitsa matumba, mabatani ndi zopindapinda pa chovala chimodzi. Akazi anali kuvala masiketi owongoka olekeza m'mawondo, ndi majekete a mapewa otambalala onga a asilikali. Tsono pa 12 February 1947, mumzinda wa Paris, munthu wina dzina lake Christian Dior anaonetsa zovala zake zoyamba, ndipo zinali zotsutsana ndi zonsezi. Mapewa anali otsetsereka, m'chiuno munali moning'a kwambiri, ndipo siketi inali yaitali kupitirira mawondo ndi yotambasuka ngati ambulera. Mkonzi wa magazini ina ya ku Amereka, Carmel Snow, ndiye anazitcha dzina lotanthauza kuti maonekedwe atsopano, ndipo dzinalo linakhala. Sionse anakondwa. Ena anakwiya kuona nsalu yochuluka chotere pa mkazi mmodzi pamene anzake anali kusowa, ndipo ena anakumbutsa kuti amene anapatsa Dior ndalama zoyambira, Marcel Boussac, anali mwini mafakitale a nsalu. Komabe pofika m'ma 1950 maonekedwe amenewa anali atafalikira, ndipo akazi wamba anali kuwasoka okha kunyumba ndi nsalu za thonje.

Akuluakulu amati mavu anachita kupangana kuti aning'e pamimba. Nditayang'ana zithunzi za m'bukumo ndinayesa kuti akazi onse a nthawi imeneyo anabadwa chotero. Koma aphunzitsi anatiseka, nati chiunocho ndi telala amene anachipanga, ndipo anatiuza kuti tiyese thupi la mnzathuyo kuti tione tokha.

Pachifuwa tinapeza masentimita 86, m'chiuno 66, ndipo pamatako 92. Chovala sichingakhale cholingana ndendende ndi thupi, pakuti munthu ayenera kupuma ndi kukweza manja, kotero timaonjezapo mpata. Pachifuwa tinaonjeza 6, kukhala 92. Koma m'chiuno tinaonjeza 2 okha, kukhala 68, ndipo chinsinsi choyamba cha diresi la m'ma 1950 chiri pomwepa: mpata umaperekedwa pena paliponse koma m'chiuno ayi. Tsono taonani vuto lake. Nsalu ya kumtunda kwa diresi iyenera kukhala 92 pachifuwa, koma itatsika pang'ono pokha iyenera kukhala 68. Masentimita 24 ayenera kuzimirira, ndipo nsalu ndi chinthu chafulati, sichidziwa kupindika chokha.

Amazimirira m'madati. Dati ndi kapindo kamene timasoka kunsi kwa nsalu, kotambalala mbali imodzi ndi kosongoka mbali inayo, ngati nsonga ya mkondo. Kutsogolo tinaika madati awiri ochokera m'chiuno kukwera kuloza pachifuwa, lirilonse lodya masentimita 4, pamodzi 8. Kumbuyo tinaika awiri a masentimita 3, pamodzi 6. Apa tachotsa 14. Otsala 10 tinawachotsa m'misoko iwiri ya m'mbali, 5 uku ndi 5 uko, poisoka mopendekera m'kati kuchokera m'khwapa kutsikira m'chiuno. Wina angafunse kuti bwanji osachotsa 24 yense m'mbali n'kupumula? Ine ndinafunsa funso lomwelo. Yankho lake n'lakuti thupi silining'a m'mbali mokha. Limalowanso m'kati kumsana ndi kunsi kwa chifuwa. Mukachotsa zonse m'mbali, nsalu imakokeka ndi kuchita mizere yopingasa yochokera m'khwapa, pamene kumsana kwatsala thumba lopanda kanthu.

Dati liri ndi mwambo wake. Nsonga yake iyenera kulekeza masentimita 2 kapena 3 isanafike pamwamba penipeni pa chifuwa, ndipo pomaliza kusoka simubwereza makina m'mbuyo monga tichitira pa misoko ina, koma mumatuluka pang'onopang'ono kumphepete kwa pindolo ndi kumanga ulusi ndi manja. Mukatuluka mwadzidzidzi, pansongapo pamatukuka kachotupa konga kamlomo ka nkhuku, ndipo simbi singakathetse. Mukaona diresi la munthu liri ndi timilomo totere, dziwani kuti wosoka anali pa changu.

Diresi lothina chotere silingalowe pamutu popanda khomo, kotero limakhala ndi zipi, ndipo ambiri a nthawi imeneyo anali kuika zipiyo m'mbali ya kumanzere, kunsi kwa khwapa. M'kati mwake, pa mzere wa chiuno, tinasokerera kalamba kolimba kosatamuka kokhala ndi ngowe yakeyake. Kalamba kameneka sikaoneka kunja, koma ndiko kamanyamula kulemera kwa siketi ndi kugwira chiuno pamalo pake, kuti zipi isavutike. Akazi a m'ma 1950 anali kuvalanso chomangira mimba cha lasitiki wolimba m'kati. Ife sitinamuzunze nacho mnzathu.

Koma madati paokha sangapange chiuno cha mavu. Munthu wa 66 akhalabe wa 66. Chinsinsi chachiwiri n'chonyenga maso: mukakulitsa za kunsi, pakati pamaoneka pang'ono. Dior anafika poika zofutukula m'kati mwa jekete lake lotchuka la silika woyera, pamalo a matako, kuti chiuno chioneke chaching'ono koposa. Ife tinasankha siketi yozungulira, imene ukaiyala pansi imakhala ngati lichero lalikulu loboola pakati. Panali masiketi enanso m'zaka zimenezo, ena okwinya ndi ena owongoka othina, koma yozungulirayi ndiyo imaonetsa bwino nzeru yake, pakuti m'chiuno mulibe khwinya ndi limodzi lomwe lonenepetsa munthu, pamene kunsi nsalu yachuluka zedi.

Apa masamu a m'kalasi anatithandiza. Bowo la pakati liyenera kuzungulira masentimita 68. Kuti mudziwe kutalika kochokera pakatikati kufika m'mphepete mwa bowolo, mumagawa 68 ndi 6.28, ndipo mupeza 10.8, tinene kuti 11. Pamenepo ndipo padzapita msoko. Podula mumadula m'kati pang'ono kuti mutsale ndi nsalu yosokapo. Siketi tinafuna ikhale yotalika 70, kuti ifike pakati pa katumba ka mwendo, ndipo tinaonjeza 2 a mpendero. Pamodzi 11 ndi 70 ndi 2 ndi 83. Tsono lichero lonselo m'mimba mwake ndi masentimita 166, koma nsalu yathu inali ya 115 m'lifupi. Silingatuluke lathunthu. Tinadula matheka awiri, la kutsogolo ndi la kumbuyo, mbali yowongoka ya theka lirilonse itagona m'mphepete mwa nsalu, ndipo awiriwo anadya pafupifupi mamita 3.4. Ndi za kumtunda zomwe, diresi lonse linatha mamita 4.5. Mpendero wake pozungulira unali mamita 5 ndi kanthu. Ndipo pa mamita 3.4 aja, pafupifupi theka linatsala pa tebulo ngati zidutswa za m'ngodya ndi kansalu kakatali ka m'mbali. Tinapulumutsapo lamba ndi kolala, koma mtima unandipweteka ndithu poona mulu umenewo.

Tsopano ndinene kulakwa kwanga. Nsalu yolukidwa iri ndi ulusi wa njira ziwiri, woyenda m'litali ndi woyenda m'lifupi. Mukaikoka motsata ulusi uliwonse mwa awiriwa, siitamuka kwenikweni. Koma mukaikoka mopendeketsa, monga kuchokera ngodya ina ya mpango kufika ngodya yoyang'anana nayo, imatamuka ngati lasitiki. Yesani ndi mpango wanu muone. Pa siketi yozungulira, pakati kutsogolo, pakati kumbuyo ndi m'mbali muwiri nsalu imalendewera motsata ulusi, koma m'malo anayi a pakati pa amenewa imalendewera mopendeketsa, ndipo kulemera kwake komwe kumaikokera pansi. Chifukwa chake siketi yotere iyenera kupachikidwa tsiku limodzi kapena awiri isanapenderedwe, kuti itsike kutsika kwake konse.

Aphunzitsi anali atanena zimenezi, koma ine ndinafuna kuwadabwitsa Lolemba m'mawa. Loweruka lonse ndinakhala ndi singano kupendera mamita 5 aja ndi manja, mpaka chala chinachita thuza. Ndinaipachika mokondwa. Lolemba mnzathu ataivala, m'munsi mwake munali mafunde: malo anayi anatsika pafupifupi masentimita 3 kuposa ena, ndipo akamayenda zinali kuoneka ngati akutsimphina. Aphunzitsi sanakalipe. Anangondipatsa kalumo, nati, "Mwanawe, nsalu siifuna kuumirizidwa. Sula." Ndinasula zonse usiku uwiri. Kenaka tinamuimika mnzathu pa tebulo atavala nsapato za m'sewero, ndipo ine ndinali kuyesa ndi rula kuchokera pa tebulopo kukwera, ndi kubaya mapini pa msinkhu umodzi, iye akutembenuka pang'onopang'ono. Kuyesa kuchokera m'chiuno kutsika sikuthandiza, pakuti ndi pansi pamene maso amayerekeza napo. Chifukwa nsalu ya m'mapindo akale inali itaonongeka ndi singano, siketi inafupika kukhala 67. Ndalama zogulira ina panalibe.

Za nsalu yake ndinene mwachidule. Diresi lotere limafuna nsalu youma, yoima payokha, yosunga pindo la simbi: popilini wa thonje wolukidwa mothinana, kapena tafeta amene amalira ukamayenda, kapena silika wokhuthala kwa amene anali ndi ndalama. M'kati amavala pitikoti wa neti ya nayiloni wosanjikiza, ndipo atsikana ena anali kumuviika m'sitachi kapena m'madzi a shuga kuti aume gwa. Ife tinasoka wathu ndi neti yakale ya udzudzu yochapa bwino, ndipo tinamuviika m'madzi a sitachi wa chinangwa. Popanda pitikoti siketi ija inangogwa ngati tsamba la nthochi lofota, ndipo chiuno chinaleka kuoneka chaching'ono.

Chiuno choning'a sichinathe tsiku limodzi. Dior anamwalira mu 1957, ndipo chaka chomwecho osoka ena a ku Paris, monga Balenciaga, anali kuonetsa kale madiresi ongotsika osagwira m'chiuno, amene anthu anawatcha matumba. M'ma 1960 munabwera masiketi aafupi. Tsono chakumapeto kwa zaka zimenezo achinyamata ambiri a ku Ulaya ndi ku Amereka anayamba kukana khalidwe la makolo awo, ndi zovala zake zomwe. Ena anayenda maulendo a pamtunda mpaka ku Afghanistan ndi ku India, nabwera ndi mikanjo, mipango ndi nsalu zodinda ndi manja. Kavalidwe kameneka kanatchedwa ka chibohemiya. Mawuwa ndi akale: Afalansa anali kuyesa kuti anthu a mtundu wa Aroma, oyendayenda aja, anachokera ku Bohemia, dera limene tsopano liri m'dziko la Czech, ndipo pambuyo pake anatcha dzina lomwelo alakatuli ndi ojambula osauka osasamala za miyambo ya olemera. Ku London, Thea Porter, amene anakulira ku Damasiko, anatchuka ndi mikanjo yotaya ya nsalu za kum'mawa, ndipo Laura Ashley wa ku Wales anatchuka ndi madiresi aatali a thonje a timaluwa ting'onoting'ono.

Tinasankha kusoka siketi yaitali ya mizere itatu ndi bulauzi yotaya. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti sitinafune pepala la patani konse. Diresi loyamba lija tinayesa thupi malo ambiri: chifuwa, chiuno, mapewa, kutalika kwa msana, kumene dati lidzalekeze. Siketi iyi inafuna miyeso iwiri yokha, matako ndi kutalika. Zidutswa zake zonse ndi zowongoka, za ngodya zinayi. M'chiuno mulibe zipi, muli lasitiki, kotero mzere wa pamwamba uyenera kukhala wotakata kuti udutse pamatako: pa 92 tinaonjeza 18, kukhala 110. Mzere uliwonse wotsatira umakhala wotalika kamodzi ndi theka kuposa wa pamwamba pake, kotero wachiwiri unali 165 ndipo wachitatu pafupifupi 250. Kutalika kwa siketi yonse kunali 96, kufika m'akakolo, ndiye kuti mzere uliwonse 32, ndipo podula tinaonjeza 3 a misoko, koma wa pamwamba tinaonjeza 6 chifukwa cha njira ya lasitiki. Podula mopingasa nsalu ya 115, tinatulutsa timizere tisanu, ndipo nsalu yonse inali mamita 1.8. Zotsala zinakwana m'dzanja limodzi.

Imani pang'ono pamenepa, anzanga, pakuti ine ndinabwereza masamuwo kawiri ndisanakhulupirire. Siketi yofika m'akakolo inadya mamita 1.8, pamene yolekeza pa katumba inadya 3.4. Ndinali kuyesa kuti chovala chotaya ndicho chowononga nsalu. Koma zifukwa zake ndi ziwiri. Mpendero wa yaitaliyo ndi mamita 2.5, theka la wa inzake. Ndiponso nsalu imachoka ku fakitale iri ya ngodya zinayi, kotero wodula zidutswa zowongoka sataya kanthu, koma wodula chozungulira amataya ngodya. N'chifukwa chake zovala za anthu a m'midzi a ku Ulaya wa kum'mawa, a ku India ndi a ku Arabiya, zimene achinyamatawo anali kutsanzira, zinali zodulidwa mowongoka: kumene munthu aluka nsalu ndi manja ake, salola kuti kachidutswa kagwe pansi. Sindikunena kuti chovala chirichonse cha m'ma 1970 chinali chosadya nsalu. Madiresi ena a mizere yambiri ndi manja otukumuka anali kudya ndithu.

Pamene diresi la 1955 limachotsa nsalu yotsala poibisa m'madati, la 1975 limaisunga poyera poikwinya. Kukwinya kumaoneka kosavuta, koma kuli ndi misampha yake. Mumasoka mizere iwiri ya ulusi wotalikirana kumtunda kwa chidutswa chachitali, osamanga mapeto ake, ndipo mumakoka ulusi wa pansi kuti nsalu isonkhane. Mzere umodzi sukwanira: umaduka pakati pa ntchito, ndiponso makwinya amagona chammbali m'malo moima chiriri. Musanakoke, gawani zidutswa zonse ziwiri panayi ndi mapini, ndipo lumikizani pini ndi pini inzake. Mnzathu wina sanachite chotero pa mzere wachitatu, ndipo makwinya anaunjikana kumanzere pamene kumanja kunali see, siketi n'kumakokera mbali imodzi. Mwamwayi msoko wa makina susula movuta ngati mpendero wanga uja.

Bulauzi nayonso inali zidutswa zinayi zowongoka: kutsogolo, kumbuyo ndi manja awiri, zonse zokumana pakhosi pamene pamadutsa kachingwe kokoka. Pachifuwa inali ya masentimita 120, ndiye kuti mpata wa 34 pamene diresi lija linali ndi 6. Chinthu chimodzi chokha chinafuna luso. Dzanja lowongoka likasokedwa ku thupi lowongoka, m'khwapa mumakhala ngodya yothina, ndipo munthu akakweza mkono pamang'ambika pomwepo. Mankhwala ake ndi kachidutswa ka masentimita 10 mbali zonse zinayi, kamene kamalowetsedwa m'khwapamo mopendeketsa. Kutamuka kuja kumene kunandisautsa pa mpendero, apa kunali kothandiza.

Nsalu ya zovala zotere iyenera kukhala yofewa ndi yopepuka, yogwa yokha: thonje lopyapyala la ku India lolukidwa motayana, kapena voyilo, kapena reyoni. Chifukwa chake n'chakuti makwinya amaika nsalu yochuluka pamatako ndi pachifuwa. Ikakhala yofewa imagona pathupi ndi kuyenda ndi mphepo. Ikakhala youma imatukumuka, munthu n'kuoneka ngati nkhokwe. Tinayesa kukwinya chidutswa chotsala cha popilini uja, ndipo chinaima ngati malata. Koma nsalu yofewa nayo iri ndi zovuta zake. Imafupika ikachapidwa koyamba, kotero ichapeni musanadule. Imayoyoka m'mphepete, kotero misoko isokedwe kawiri, koyamba kunja, kenaka kuitembenuza ndi kusokanso m'kati kuti mphonje zitsekeredwe. Ndipo imaonetsa m'kati. Tinazindikira zimenezi tsiku loyeserera, mnzathu ataima patsogolo pa nyale ya pa nsanja, ndipo anamatroni anadzuka pampando. Usiku womwewo tinasoka pitikoti wamba.

Anzanga ena ku hositelo anandifunsa kuti chitenje chingayenere kuti pa ziwirizi. Chitenje chatsopano n'chouma, kotero mungayese kuti n'choyenera siketi yozungulira. Koma pafunika ziwiri, ndiponso maluwa ake amene aima bwino kutsogolo amapezeka atagona chammbali pofika m'misoko ya m'mbali, pakuti nsalu ikuzungulira. Chitenje cha zithunzi zokhala ndi mutu ndi miyendo musachidule chotero. Siketi ya mizere itatu imatuluka m'chitenje chimodzi cha mamita 2, mukachichapa kangapo kuti chifewe. Koma muchidule m'litali kuti maluwa aime: timizere titatu ta masentimita 38 m'lifupi ndi 200 m'litali. Koyamba kakupatsani 110 ndi kutsala 90, kachiwiri 165, ndipo kachitatu mukalumikize ndi 50 wochokera pa 90 uja kuti kakwane 250. Agogo anga akuti masiketi aatali otere anali kuoneka kuno kwathunso m'ma 1970, koma pa chifukwa china: mu 1973 boma linaika lamulo loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi oonetsa mawondo, ndipo lamulolo linakhalapo mpaka nthawi ya kusintha kwa ndale kumayambiriro a m'ma 1990. Ku London siketi yaitali inali ya wokana malamulo, kuno inali ya womvera lamulo.

Ndisakunamizeni kuti chotaya chirichonse n'chosavuta kusoka. M'buku lija muli madiresi a Ossie Clark, wa ku London, osokedwa ndi nsalu zopyapyala zimene mkazi wake Celia Birtwell anali kujambula maluwa ake. Amaoneka ngati angoponyedwa pathupi, koma ambiri anadulidwa mopendeketsa dala, kuti nsalu itamuke ndi kutsata thupi popanda madati ambiri. Ine amene ndalimbana ndi malo anayi okha opendeketsa sindingayerekeze kusoka diresi lonse lotero.

Mukandifunsa kuti ndi liti ndinalikonda, ndivomera kuti maso anga anakonda loyamba. Pamene mnzathu anatulukira pa nsanja ndi kutembenuka, siketi n'kutambasuka, holo yonse inaomba m'manja, ndipo ine ndinaiwala thuza lija. Koma iye mwini anandinong'oneza kumbuyo kwa katani kuti, "Achemwali, tamasulani ngoweyi msanga, ndafa." Anali atadya nsima ndi nyemba madzulo amenewo, ndipo mpata wa masentimita 2 sudziwa za chakudya cha madzulo. Zaka 20 zija anazidutsa m'mphindi zitatu: kutuluka m'diresi kunafuna anthu awiri, koma siketi ndi bulauzi anavala yekha mumdima.

Sewero litatha zovala zonse zinapita m'bokosi la kalabu. Diresi loning'a likadali momwemo, pakuti atsikana asanu aliyesa ndipo palibe amene lamukwana: wina zipi ikana, wina madati alekeza pamalo olakwika, wina chiuno cha diresi chikhala pamwamba pa chake. Siketi ya mizere itatu inabwerekedwa Loweruka lotsatira, ndipo kuyambira pamenepo yavalidwa ndi atsikana a misinkhu yosiyana m'mahositelo atatu. Aphunzitsi andituma kuti ndilembe pano kuti amene ali nayo aibweze Lachisanu lisanafike, itachapidwa, ndipo asaikole pa waya wa minga.